Bilu yongoyerekeza pamene chigayo chinali chotseka

Funso: Ndili ndi chigayo cha mota ya mahosipawa 20, ndipo magetsi ndimalipira pakutha pa mwezi. Mota inapsa pa 12 Disembala, ndinakhoma chitseko n'kuipititsa kwa amisiri, ndipo mpaka lero sinabwere. Komabe mabilu a Disembala, Januwale ndi Febuluwale abwera ndi mayuniti 1,800 mwezi uliwonse. Bilu ya Novembala inalemba kuti mita ili pa 48,210, ya Febuluwale ikuti 53,610, koma ine ndikayang'ana pamitapo ndikuona 48,990. Ku ofesi andiuza kuti ndiyambe ndalipira kaye, apo ayi andidulira magetsi. Nditani? (Mwini chigayo, Kasungu)

Yankho: Bambo, musanakwere minibasi yopita ku ofesi kachiwiri, tsegulani chigayocho, mupukute fumbi la ufa limene lakuta galasi la mita, ndipo muijambule ndi foni. Chithunzicho chionetse zinthu ziwiri nthawi imodzi, nambala imene mita ikuwerenga ndi nambala ya mitayo, imene inadindidwa pankhope pake. Mlandu wanu wonse wagona pa chithunzi chimenechi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mita yamagetsi imagwira ntchito ngati kachipangizo kowerenga mtunda m'galimoto, kamene kamangowonjezera ndipo sikabwerera m'mbuyo. Siyambiranso pa ziro mwezi ukatha. Bilu imapangidwa pochotsa nambala ya mwezi watha pa nambala ya mwezi uno, ndipo zotsalazo ndiwo mayuniti amene mukuyenera kulipira. Choncho kampani ikalemba kuti mita yanu inafika pa 53,610 kumapeto kwa Febuluwale, ikunena chinthu chimene munthu aliyense wa maso angathe kuchitsimikiza kapena kuchitsutsa. Mita imene lero ili pa 48,990 siingakhale kuti inadutsa pa 53,610 mwezi watha. Nchifukwa chake ndimalangiza anthu kuti akafika pa kauntala asamayambe ndi mawu akuti "ndalamazi zachuluka" kapena akuti "chigayo sichinkagwira ntchito", popeza kalaliki amamva mawu amenewa tsiku lililonse kuchokera kwa onena zoona ndi kwa abodza omwe, ndipo alibe njira yowasiyanitsira. Mawu amene amamukakamiza kutsegula buku ndi akuti nambala ya pabilu yaposa nambala ya pamita.

Ndinagwirapo ntchito yowerenga mamita ndisanasamukire ku ofesi yokonza mabilu, ndipo ndikudziwa mmene nambala zotere zimabadwira. Wowerenga mita akafika pamalo n'kupeza loko pachitseko, pamene mitayo ili mkati, alibe chimene angalembe. Nthawi ya dzinja pamakhalanso misewu ina imene njinga yamoto siidutsika. Koma makina okonza mabilu salola kuti mwezi udutse popanda bilu, motero amatenga mayuniti amene mwakhala mukugwiritsa ntchito miyezi ya m'mbuyomo, n'kupeza pakatikati pake, n'kuwonjezera pa nambala yomaliza. Kwa banja limene limayatsa mababu omwewo ndi filiji yomweyo chaka chonse, kuyerekeza kotere sikuphonya kwambiri. Chigayo ndi nkhani ina, chifukwa ntchito yake imatsata nkhokwe za anthu. Miyezi yotsatira kukolola mota imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamene mu Januwale ndi Febuluwale amayi amabwera ndi timabeseni tochepa ngakhale chigayo chitakhala chabwinobwino. Makinawo anatenga ntchito ya miyezi yachakudya n'kuisenzetsa miyezi imene mota yanu inali pabenchi ya mmisiri.

Chizindikiro chakuti palibe amene anaona mita ndi kufanana kwa mayuniti miyezi itatu yotsatizana. Palibe chigayo chimene chimadya magetsi ofanana ndendende mwezi ndi mwezi. Yang'ananinso pafupi ndi nambala za pabilu, chifukwa makampani ambiri amaika chilembo `E` kapena mawu akuti `Estimated` posonyeza nambala yongoyerekeza, ndi `A` kapena `Actual` posonyeza imene inawerengedwadi. Bilu ya Novembala muiyang'anitsitse koposa enawo, pakuti masamu onse akuyambira pa 48,210, ndipo ngati nambala imeneyonso inali yongoyerekeza, mudzayenera kubwerera m'mbuyo mpaka mutapeza bilu yomaliza imene mita inawerengedwadi.

Tiyeni tiwerengere ngati nambala ya Novembala ndi yeniyeni. Kampani yakulemberani mayuniti 5,400 pa miyezi itatu. Mukachotsa 48,210 pa 48,990 mupeza 780, ndipo amenewa ndiwo magetsi onse amene adutsa mu mita yanu kuchokera kumapeto kwa Novembala kufika lero. Otsalawo, 4,620, simunawagwiritse ntchito. Kuti tione kukula kwake mu ndalama, tingoyerekeza kuti yuniti imodzi ndi K200, ndipo inu muikepo mtengo weniweni umene walembedwa pabilu yanu. Pa mtengo umenewu akukuitanitsani K1,080,000 pamene ngongole yanu ndi K156,000, kusiyana kwake K924,000, msonkho usanalowe. Msonkho umawerengedwa kuchokera pa mtengo wa mayunitiwo, choncho nawonso uyenera kutsika bilu ikakonzedwa, ndipo mudzayang'ane ngati watsikadi. Chimene sichitsika ndi ndalama yokhazikika ya mwezi uliwonse, ngati gulu la mtengo limene muli nalo lili nayo, chifukwa imeneyo imalipiridwa kaamba kokhala wolumikizidwa, kaya mota ikuzungulira kapena ayi.

Munthu wochenjera amayesa nambala yake asanaipereke kwa ena. Mota ya mahosipawa 20 ndi ya makilowati pafupifupi 15, kutanthauza kuti ikagaya ola lathunthu imadya mayuniti pafupifupi 15. Ngati masiku 12 oyambirira a Disembala munkagaya maola anayi patsiku, amenewo ndi mayuniti 720. Mababu awiri a mawati 15 owunikira panja usiku wonse kwa miyezi itatu amawonjezera mayuniti ongopitirira 30. Pamenepa tafika pafupi kwambiri ndi 780, zimene zikusonyeza kuti mita yanu ikuwerenga bwino ndipo nkhani yanu ikugwirizana ndi nambala zake. Masamu omwewa akuonetsanso kumene 1,800 anachokera, popeza maola asanu patsiku kwa masiku 24 pamwezi amapereka nambala imeneyo.

Komabe pali zinthu zingapo zimene zingakugwetseni mphwayi pa kauntala ngati simunazione nokha muli kunyumba. Mamita amakono a mafezi atatu, amene amaikidwa pa zigayo, amasinthasintha zimene akuonetsa pagalasi, mphindi ino tsiku, kenako mphamvu ya magetsi pa waya aliyense, kenako mayuniti. Dikirani mpaka muone nambala imene pambali pake palembedwa `kWh`, ndipo pa mamita ambiri imabwera limodzi ndi kanambala kakuti `1.8.0`. Samalaninso ndi kadontho, chifukwa nambala ya kuseri kwa kadonthoko ndi kachigawo chabe ka yuniti ndipo siilowa m'bilu. Mukatero, fananizani nambala yozindikiritsa mita imene ili pabilu ndi imene inadindidwa pankhope ya mita ya pakhoma panu. Zikasiyana, ndiye kuti vuto ndi lina, mwina mita inasinthidwa koma ku ofesi sanalembe, kapena akukulipiritsani magetsi a munthu wina, ndipo kalata yanu iyenera kunena zimenezo. Chomaliza ndi chakuti malo ena odya magetsi ambiri ali ndi mita imene imangoyeza kagawo ka magetsi odutsa, motero nambala yake imachulukitsidwa ndi nambala ina yolembedwa pabilu, monga 20 kapena 40. Kwa inu zikuoneka kuti palibe kuchulukitsa, chifukwa 1,800 katatu akufika ndendende pa kusiyana kwa 48,210 ndi 53,610.

Anthu ena adzakuuzani kuti musavutike, lipirani basi, bilu idzadzikonza yokha mita ikadzawerengedwa. Mawu amenewa ali ndi choonadi pang'ono, chifukwa kuyerekeza kukaphonya ndi mayuniti ochepa, mita imaipeza nambala ya pabilu mwezi wotsatira ndipo nkhani imatha. Kwa inu ndikukana. Ngakhale mota itabwera mawa n'kuyamba kugaya monga nthawi yokolola, pangatenge miyezi iwiri ndi theka kuti mita ifike pa 53,610, ndipo nthawi yonseyo mudzakhala mutabwereketsa kampani ndalama zoposa K900,000 popanda chiwongoladzanja, pamene mmisiri wa mota akudikira zake. Ndipo izi zingachitike pokhapokha kuyerekezako kutaleka, apo ayi nambala ya pabilu idzapitiriza kuthawa patsogolo.

Palinso ngozi ina imene anthu ambiri saidziwa, imene ndinaionapo ndi maso anga. Wowerenga mita akadzabwera n'kulemba 48,990, makina adzaona kuti nambala yatsopano ndi yochepa kuposa yakale. Nthawi zambiri amaikana, poganiza kuti wowerengayo walakwitsa, ndipo amayerekezanso mwezi wachinayi. Koma nthawi zina amaganiza kuti mita yazungulira, ndiko kuti inafika pa 99,999 n'kuyambiranso pa ziro, monga zimachitikiradi ndi mita ya manambala asanu ikadzaza. Zikatero amawerengera kuchokera pa 53,610 kukafika pa 100,000, n'kuwonjezerapo 48,990, ndipo bilu imatuluka ya mayuniti 95,380. Ndikukumbukira mayi wina amene anabwera ndi bilu ya mtundu umenewu ataikulunga m'nsonga ya chitenje, akunjenjemera, akuganiza kuti agulitsa nyumba, pamene cholakwika chonse chinali cha m'makina. Choncho chimene mukapemphe ndi chakuti mabilu atatu ongoyerekezawo afafanizidwe, akaunti ibwezeretsedwe pa 48,210, ndipo bilu yatsopano ilembedwe kuchokera pamenepo. Kungopempha kuti adzawerenge mita n'kosakwanira.

Pempho limeneli likhale lolemba. Kalatayo isatalike kupitirira tsamba limodzi, ndipo ilembedwe kwa mkulu woona za makasitomala pa ofesi ya m'dera lanu. Pamwamba ikani dzina limene lili pa akaunti, nambala ya akaunti ndi nambala ya mita. Kenako nenani tsiku ndi nambala yomaliza imene inawerengedwadi, nambala zitatu zongoyerekeza, nambala imene mita ikuonetsa ndi tsiku limene munaijambula, ndiponso masamu osonyeza 780 ndi 4,620. Mumalize ndi zopempha zanu, kuti atumize munthu adzawerenge mita inu mulipo, kuti mabilu akonzedwe, kuti chindapusa chilichonse cha kuchedwa kulipira chimene chabwera chifukwa cha mayuniti abodzawo chichotsedwe, ndi kuti magetsi asadulidwe pamene nkhaniyi ikufufuzidwa. Phatikizanipo chithunzi chosindikiza, makope a mabilu anayi, ndi lisiti kapena kakalata ka mmisiri kosonyeza tsiku limene analandira mota. Ngati muli ndi kope limene wogayitsa amalembamo ndalama za tsiku ndi tsiku, tsamba limene zolembazo zinalekezera pa 12 Disembala ndi mboni yabwino. Mupite ndi makope awiri a kalatayo, limodzi musiye, linalo alidinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene walilandira. Zimene mwauzidwa pakamwa pa kauntala zimauluka kalalikiyo akangopita kutchuthi.

Tsopano za kulipira. Pano ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amati usalipire kalikonse mpaka nkhani itatha. Mayuniti 780 munawagwiritsadi ntchito, ndipo amene amakana kulipira ngakhale gawo limene akulivomereza amaoneka ngati wangofuna pothawira ngongole. Lipirani mtengo wa mayuniti amenewo, ndalama yokhazikika ya miyezi itatu ngati ilipo, ndi msonkho wake, ndipo m'kalatamo mulembe kuti mwalipira gawo limene simukulitsutsa, n'kutchula nambala ya lisiti. Dziwani kuti gulu lodula magetsi limayenda ndi mndandanda wa angongole wochokera m'makina, ndipo silidziwa za kalata yanu pokhapokha wina ataika chizindikiro pa akaunti. Funsani mwachindunji ngati chizindikirocho chaikidwa, ndipo kope la kalata yodindidwa mulisiye pachigayo, m'pepala lapulasitiki pafupi ndi mita, kuti akabwera inu kulibe mnyamata wanu awaonetse. Akakakamira ndithu kuti mulipire zonse, ndipo inu mukaona kuti kudulidwa ndi ndalama yolumikizitsanso zikupwetekani koposa, mungathe kulipira, koma mulembe kalata yonena kuti mwalipira mosavomereza biluyo ndipo dandaulo lanu likadalipo. Ndalama zotere kawirikawiri sizibwezedwa pamanja, zimangokhala pa akaunti n'kumachepetsa mabilu a m'tsogolo.

Pali kanthu kena kobisika kamene kangakudyereni ndalama ngakhale bilu itakonzedwa. Wokonza bilu amakonda kugawa mayuniti enieniwo mofanana, 260 mwezi uliwonse, kapena kuwaunjika onse pa mwezi womaliza. Ngati mtengo wa yuniti sunasinthe m'miyezi imeneyi, palibe chovuta. Koma ngati unakwera pakati pa Disembala ndi Febuluwale, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti pafupifupi mayuniti onse awerengedwe pa mtengo wa Disembala, popeza ndi pamene mota inagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene lisiti la mmisiri limagwira ntchito yake.

Musapemphe kuti mita iyezedwe. Ambiri akakwiya amanena kuti mita ikuthamanga, ndipo kalaliki amawapatsa fomu yoyezetsa mita, imene nthawi zambiri imakhala yolipira mita ikapezeka kuti ilibe vuto. Mita yanu ndiyo mboni yanu yaikulu, ndipo ikachotsedwa pakhoma nkhani isanathe mudzatsala ndi chithunzi chokha. Pa chifukwa chomwecho, musalole munthu aliyense, ngakhale mmisiri wodzamanga mota, kukhudza kawaya komatira chivundikiro cha mita, pakuti kakapezeka kodulidwa nkhani imatembenuka n'kukhala yokuganizirani kuti munabweza nambala kapena munaba magetsi. M'chithunzi chachiwiri muonetse kuti kawayako n'kathunthu. Ndipo akakuuzani kuti njira yachidule ndi kukuikirani mita yogula mayuniti, musakane, koma muumirire kuti nambala yomaliza ya mita yakale ilembedwe papepala limene inu ndi wochotsayo musainire, ndi kuti bilu ikonzedwe kaye. Ngongole yotsala nthawi zambiri imasamutsidwira ku mita yatsopano n'kumadulidwa pang'onopang'ono pa ndalama zimene mukugulira mayuniti, ndipo ikafika pamenepo imavuta kuitsutsa.

Pa tsiku limene adzabwere kudzawerenga, mukhalepo nokha ndi kiyi m'manja. Onani nambala imene walemba, muijambulenso mita iye ali pomwepo, ndipo mulembe dzina lake ndi tsiku. Ngati mota idzakhale itabwera nthawi imeneyo, jambulani mita musanaiyatse koyamba, kuti pasadzakhale kusakaniza magetsi a ntchito yatsopano ndi a miyezi imene mukutsutsa.

Bilu ya mwezi wotsatira ikadzabwera isanakonzedwe, lemberani mkulu wa chigawo, n'kutchula nambala ya dandaulo ndi tsiku la pachidindo. Kumeneko kukakhalanso chete, nkhani ipite ku MERA, bungwe limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2004 kuti liziyang'anira ntchito za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli ndi limene limavomereza mitengo ya magetsi, ndipo limalandira madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito magetsi amene sanathandizidwe ndi kampani. Chinthu choyamba chimene adzafune kuona ndi umboni wakuti munayamba mwadandaula kwa kampaniyo, ndiye kope lodindidwa lija mulisunge pamalo osafika chinyezi ndi mbewa. Kwa iwo simulemba nkhani yatsopano, mungotumiza kalata yomweyo ndi zophatikiza zake, n'kuwonjezera masiku amene munalemba ndi yankho limene munalandira kapena simunalandire.

Sindikubisirani kuti mbali ina ya vutoli inachokera pa loko wanu. Kampani ili ndi ufulu woyerekeza ikalephera kufika pa mita, ndipo mukapita mukunena kuti kuyerekezako n'kuba, adzakuyankhani kuti chitseko chinali chokhoma, ndipo adzakhala akunena zoona. Chimene ilibe ndi chifukwa chosungira nambala yongoyerekeza pamene yeniyeni yapezeka. Pamene mukudikira mota, siyani kiyi kwa mlonda kapena kwa wa golosale woyandikana nanu, ndi kapepala pachitseko konena kumene kiyiyo ili. Pa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse jambulani mita, mulembe nambalayo kumbuyo kwa kope la chigayo, ndipo mukaipereke ku ofesi bilu isanatuluke. Mukafunsenso mtengo wosamutsira mita panja, m'bokosi lachitsulo lokhala ndi kawindo, pamene wowerenga angaione chitseko chili chokhoma.